Anthu 20,000 Amene Sanaonere Nyimbo ya Kwaya

Mlembi wa kwaya ina waika nyimbo yatsopano pa YouTube. Patatha masabata awiri watsegula YouTube Studio pafoni, wadina Analytics, ndipo maso ake agwera pa nambala yaikulu kuposa zonse: 20,000. Lamlungu lomwelo akuimirira kutsogolo kwa anzake n’kulengeza kuti anthu 20,000 aonera nyimboyo. Nthungululu zikumveka. Koma nambala imene waiwerengayo yalembedwa pansi pa mawu akuti Impressions, ndipo sikuwerenga anthu, sikuwerenganso kuonera.

Mlembiyu ndi manambala ake ndi ongoyerekezera, koma malamulo owerengera ndi enieni, ndipo kulakwitsa kotereku n’kofala. Lipoti lake likuonetsa Impressions 20,000, Views 2,000 ndi Unique viewers 1,250. Nyimbo ndi imodzi, masiku ndi omwewo, manambala atatu.

Poyambira pabwino ndi pa Impressions. Munthu akatsegula YouTube amapeza tizithunzi tambirimbiri, kalikonse kakuimira vidiyo yake ngati chikuto cha buku. Nthawi iliyonse imene kachithunzi ka nyimbo ya kwaya kaonekera pafoni kapena pakompyuta ya munthu, YouTube imalemba kamodzi. Lamulo lake ndi lomveka: theka la kachithunziko, kapena kuposa apo, lioneke, ndipo likhale likuoneka kwa nthawi yoposa sekondi imodzi. Munthuyo sanadine, sanamve ngakhale liwu limodzi la sopulano, mwinanso maso ake anali pa kachithunzi ka mpira kamene kanali pamwamba pake. Zili ngati chikwangwani cha telala m’mbali mwa msewu. Wokwera minibasi akadutsapo m’mawa popita kuntchito ndi madzulo pobwerera, chikwangwanicho chaonekera kawiri kwa munthu mmodzi yemweyo, ndipo telala sanasokebe kanthu.

Choncho 20,000 ija ikutanthauza kuti YouTube inatsatsa nyimboyo maulendo 20,000. Funso lotsatira ndi lakuti pa maulendo amenewo, ndi angati amene munthu anakopeka n’kudina. Yankho lili pa mzere wotchedwa Impressions click-through rate, ndipo pa lipoti la mlembi wathu palembedwa 4.0%. Pa maulendo 100 aliwonse amene kachithunzi kanaoneka, anayi anathera m’kuonera. Pa 20,000, ndiye kuti 800.

Wongoyamba kumene amakhumudwa akaona 4.0%, chifukwa kusukulu 4 pa 100 ndi kulephera kochititsa manyazi. Kuno si choncho. YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limapeza pakati pa 2% ndi 10%. Ndiponso nambalayi imakonda kutsika pamene vidiyo ikuyenda bwino. Tsiku loyamba kachithunzi kamaonekera kwambiri kwa anthu amene amatsatira kale tchanelo cha kwaya, anthu odziwa nkhope zili pachithunzipo, ndipo amadina msanga. YouTube ikayamba kukaonetsa kwa alendo, Impressions imakwera, koma alendo ambiri amangodutsa. Kutsika kuchoka pa 9% kufika pa 4% pamene Impressions yakwera kakhumi si chizindikiro cha matenda. Chodetsa nkhawa ndi pamene zonse ziwiri zili pansi: kachithunzi kakuoneka mwa apo ndi apo, ndipo ngakhale ochepa okaonawo sakudina.

Apa pali kamsampha. Mlembi wodziwa masamu atenga Views 2,000 n’kugawa ndi Impressions 20,000, apeza 10%, ndipo ayamba kukayikira kuti YouTube yalakwitsa polemba 4.0%. Sinalakwitse. Mwa maulendo 2,000 amene nyimbo inaoneredwa, 800 okha ndi amene anachokera pa tizithunzi towerengedwa tija. Ena 1,200 analowera makomo ena. Mamembala a kwaya anatumiza linki m’magulu a WhatsApp a mpingo, a mabanja, ndi a abale okhala ku Joni. Wodina linki pa WhatsApp amafika pa nyimbo mwachindunji, ndipo YouTube siwerenga Impressions pa zimene zaonekera kunja kwa nyumba yake. Siwerenganso uthenga umene umalira pafoni kudziwitsa otsatira tchanelo kuti kwabwera vidiyo yatsopano. N’chifukwa chake tchanelo chaching’ono chodalira WhatsApp chimatha kukhala ndi Views yoposa Impressions, zimene poyamba zimaoneka ngati zosatheka. Wofuna kutsimikiza ayang’ane gawo la lipoti losonyeza kumene oonera anachokera. Mzere wa External ndi umene umasunga anthu a pa WhatsApp ndi Facebook.

Nanga 2,000 ija ndi anthu? Ayinso. Views imawerenga maulendo amene vidiyo yaoneredwa. Mayi woimba alito amene akufuna kudziona pamene kamera inamulunjika akhoza kuibwereza lero, mawa ndi mkucha, ndipo maulendo akewo amalowa m’chiwerengero. YouTube imasefa zimene ikuziona ngati zachinyengo, monga makina ongobwereza vidiyo, n’chifukwa chake nambalayi nthawi zina imachedwa kusintha kapena kutsika pang’ono pambuyo pake. Koma kubwereza kwa munthu weniweni wokonda nyimbo kumawerengedwa.

Nambala yoyandikira kwambiri ku funso la mlembi, lakuti ndi anthu angati, ndi Unique viewers, 1,250 ija. Kugawa 2,000 ndi 1,250 kukupereka 1.6, kutanthauza kuti pa anthu asanu aliwonse panali kuonera kasanu ndi katatu. Kwa nyimbo zimenezi n’zosadabwitsa, pakuti nyimbo imabwerezedwa. Vidiyo yophunzitsa kumanga tayi munthu akaidziwa sabwererako.

Mawu akuti Reach ndi amene amasokoneza kwambiri, chifukwa amasintha ntchito malinga ndi nyumba imene alowa. Pa lipoti la vidiyo mu YouTube Studio, Reach ndi dzina la tsamba chabe, tsamba limene pamakhala Impressions, Views ndi Unique viewers. Pa Facebook ndi Instagram, Reach yakhala ikutanthauza nambala: maakaunti amene chinthucho chinawaonekera ngakhale kamodzi kokha. Aliyense amawerengedwa kamodzi, kaya chamudutsa kasanu. Choncho kumeneko Reach siyenera kuposa Impressions, ndipo otsatsa malonda amagawa Impressions ndi Reach kuti apeze Frequency, maulendo amene munthu mmodzi wakumana ndi chinthu chomwecho. Kwaya ikalipira kuti kavidiyo kake kafalitsidwe, n’kupeza Impressions 9,000 ndi Reach 3,000, ndiye kuti ndalama zake zagula anthu 3,000 katatukatatu. Kufikiridwa sikuonera: Reach ya Facebook imatenga ndi amene anangodutsa, pamene Unique viewers ya YouTube imatenga amene anaoneradi. Kuika manambala awiriwa pambali n’kunena kuti Facebook yapambana n’kuyerekeza odutsa pakhomo la sitolo ndi ogula.

Manambala owerenga anthuwa ndi ongoyerekeza, ndipo makampaniwo amavomereza zimenezi. Makina saona nkhope. Amaona akaunti ndi chipangizo, kenaka n’kuyesa kulumikiza kuti foni iyi ndi kompyuta iyo ndi za munthu mmodzi. Kumudzi kumene foni imodzi imazunguliridwa ndi banja lonse madzulo, anthu asanu ndi awiri amalembedwa ngati mmodzi. Ndipo mnyamata akaikopera nyimboyo n’kuyamba kuigawa ngati failo pa WhatsApp kapena pa memori khadi, kuti anzake asawononge bandulo, onse oionera njira imeneyo salembedwa paliponse. Nyimbo ikhoza kumveka m’mabenchi onse okonzera mafoni pamsika, lipoti lili chete.

Ngakhale Views yeniyeniyo ilibe muyezo umodzi. Pa YouTube, vidiyo yaitali munthu nthawi zambiri amachita kuisankha. Pa Facebook vidiyo imayamba yokha munthu akungotsetsereka ndi chala, ndipo kwa zaka zambiri muyezo wodziwika unali 3-second video views: masekondi atatu, ngakhale mawu atatsekedwa. Pa TikTok kungoyamba kusewera n’kokwanira. YouTube nayo inasintha lamulo la mavidiyo ake aafupi a Shorts pa 31 Malichi 2025. Kuyambira tsikulo, Short ikangoyamba kapena kubwereza imawerengedwa, ndipo muyezo wakale unapatsidwa dzina lakuti Engaged views. Amene anaona Views yake itadumpha mu Epulo chaka chimenecho sanasanduke katswiri usiku umodzi. Chinasintha ndi sikelo.

Kuti masekondi atatu angasocheretse ngakhale akadaulo zinaoneka mu Seputembala 2016, pamene Facebook inavomereza kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri inkakokomeza nthawi imene anthu amathera pa vidiyo. Inkatenga nthawi yonse imene vidiyo yaseweredwa n’kuigawa ndi okhawo amene anafika masekondi atatu, m’malo mogawa ndi onse. Masamu ake ndi osavuta. Anthu khumi akumana ndi vidiyo. Asanu ndi mmodzi adutsa patatha masekondi awiri, anayi akhala masekondi 27 aliyense. Nthawi yonse ndi masekondi 120. Kugawa ndi khumi, aliyense waonera masekondi 12. Kugawa ndi anayi okha, yankho likhala 30. Otsatsa malonda anakasuma kukhoti ku America, ndipo mu 2019 Facebook inavomera kulipira madola 40 miliyoni kuti mlandu uthe. Ngati makampani okhala ndi antchito olembedwera kuwerenga malipoti anapusitsika, mlembi wa kwaya asadziimbe mlandu kwambiri.

Chimene manambala atatu aja sanena ndi chakuti oonerawo anakhalitsa bwanji. Zimenezo zili pa tsamba la Engagement. Nyimbo ya kwaya ndi ya mphindi zisanu, ndipo Average view duration ikuonetsa 1:30, mphindi imodzi ndi theka. Kuchulukitsa ndi 2,000 kukupereka mphindi 3,000, amene ndi maola 50 a Watch time. Pa tsamba lomwelo pali mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira kuonera. Pa vidiyo ya kwayayi mzerewo ukugwa kwambiri m’masekondi 40 oyambirira, nthawi imene pakudutsa mayina a wojambula, othandiza ndi ndalama ndi akuluakulu a komiti, nyimbo isanayambe n’komwe. Amene apirira mpaka kolasi yoyamba ambiri akufika kumapeto.

Lamlungu lotsatira mlembi ali ndi lipoti lina loti apereke. YouTube inaonetsa kachithunzi ka nyimbo maulendo 20,000 ndipo 800 mwa iwo anabala kuonera. Nyimbo yaoneredwa maulendo 2,000 ndi anthu pafupifupi 1,250, ndipo maulendo ochuluka anabwera kudzera m’malinki amene mamembala anatumiza okha. Pa vidiyo yotsatira, mayina a komiti apite kumapeto. Mfundo yomalizayi ndi imene idzatenge nthawi yaitali pa msonkhano, chifukwa dzina loyamba pa mndandanda uja ndi la wapampando.