Kupeta mayankho

Kupeta ndi kuchotsa mankhusu m'lichero kuti patsale chimanga chokhachokha. Pa mayeso a fizikisi a Giredi 12 a bungwe la ECZ, kupeta mayankho kukutanthauza kutaya yankho lililonse lolakwa utadziwa chimene chalakwitsa, osati kulota.

Tenga funso ili. Minibasi ya makilogalamu 2000 ikuchoka ku Woodlands kupita m'tauni pa msewu wowongoka, liwiro lake ndi mamita 15 pa sekondi ndipo silikusintha. Injini ikukankha ndi manyutoni 1200. Kodi mphamvu yotsala pa minibasiyo ndi manyutoni angati? A 0, B 1200, C 20 000, D 30 000.

B ndiye amakola ambiri, chifukwa nambalayo yalembedwa m'funso momwemo. Koma imeneyo ndi mphamvu ya injini yokha. Mphepo ndi kukhulana kwa matayala zikukokera kumbuyo, ndipo zikanachepera pa 1200 liwiro likanamakwera. C ndi 2000 kuchulukitsa ndi 10, kulemera kwa galimoto, komwe kumaloza pansi ndipo msewu ukukubweza. D wachokera pa 2000 kuchulukitsa ndi 15, nambala yomwe muyeso wake ndi kg m/s, osati nyutoni. Muyesowo wokha wamuulula.

Watsala A, koma nayenso muyese. Lamulo lachiwiri la Newton ndi F = ma. Liwiro silikusintha, choncho a ndi 0, F nayonso ndi 0. Wophunzira amene amakhulupirira kuti chilichonse choyenda chili ndi mphamvu yotsala amayamba ndi kutaya A, ndipo chikhulupiriro chimenecho n'chimene wolemba funso akuchiyesa.