Mawu a pansi pa kanema

Mawu a pansi pa kanema, omwe ambiri amangowatchula kuti masabutaito, ndi mawu olembedwa amene amaonekera m'munsi mwa chithunzi panthawi yomwe munthu wa m'kanemayo akuyankhula. Akhoza kukhala m'chiyankhulo chomwe chikumvekacho, pofuna kuthandiza anthu a vuto losamva kapena oonera pamalo aphokoso, kapena akhoza kukhala omasulira m'chiyankhulo china. Ntchito yowakonza ili ndi mbali zitatu: kulemba zomwe zanenedwa, kuzidula m'tizigawo tokhala ndi nthawi yolowera ndi yotulukira, ndi kufupikitsa mawuwo kuti woonera awamalize kuwerenga asanachoke. Mbali yachitatuyi ndi imene imavuta kwambiri pa Chichewa.

Ku Malawi

M'nyumba zoonetsera kanema za m'misika ya m'Malawi, njira imene inafala ndi yomasulira ndi pakamwa: womasulira amajambula mawu ake a Chichewa pamwamba pa filimu ya ku China, India kapena Nigeria, n'kumawonjezera nthabwala zake. Njirayi inakondedwa pa chifukwa chomveka, pakuti siifuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'mwamba, pafupifupi 69 ndi amene amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kudziwa kuwerenga kalata modekha n'kosiyana ndi kuwerenga mawu amene akuthawa.

Mawu olembedwa agwira ntchito kwambiri potumiza nkhani za Amalawi kunja. Chitsanzo chodziwika ndi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor ndipo inatuluka pa Netflix mu 2019. Zokambirana zambiri za m'filimuyi zili m'Chichewa, ndipo anthu a maiko ena anazitsatira powerenga mawu a pansi m'ziyankhulo zawo.

Pamalo ngati Chimbiya, msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi tauni ya Dedza, nkhani ya ziyankhulo zingapo si yochita kupeka. Anthu ambiri amayankhula Chichewa, m'boma la Dedza muli Ayawo, ndipo tsidya la malire, ku Angonia m'chigawo cha Tete, anthu amayankhula Chinyanja koma anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi. Kanema wophunzitsa ulimi wojambulidwa ku Chimbiya akhoza kufuna mawu a Chichewa, a Chipwitikizi, ndi a Chingerezi kaamba ka bungwe lomwe lalipira ntchitoyo.

Liwiro lowerengera

Liwiro limayezedwa pogawa chiwerengero cha zilembo ndi masekondi amene mawuwo akhale pa sikirini. Kawirikawiri mipata ya pakati pa mawu ndi zizindikiro monga mpumiro zimawerengedwa limodzi. Lamulo lakale la ku Ulaya linkati mizere iwiri yodzaza ikhale masekondi 6, zomwe zimapereka zilembo pafupifupi 12 pa sekondi. Malangizo a Netflix amalola zilembo 20 pa sekondi pa Chingerezi cha akuluakulu ndi 17 pa cha ana, pomwe pa ziyankhulo zina zambiri malire ndi 17 kwa akulu ndi 13 kwa ana. Malangizo omwewo amati mzere usapitirire zilembo 42, mizere isapose iwiri, mawu asakhale kuposa masekondi 7 komanso asachepere magawo 5 mwa magawo 6 a sekondi.

Ena, monga BBC, amayeza ndi mawu pa mphindi, pakati pa 160 ndi 180. Muyeso umenewu ndi wosocheretsa pa Chichewa. Mneni wa Chichewa amanyamula mwininkhani, nthawi, kukana ndi pamtherankhani m'liwu limodzi. Liwu loti "sindinamuuzenso" lili ndi zilembo 15, ndipo Chingerezi chimafuna mawu 6 kuti chinene zomwezo. Wowerenga ndi mawu angati liwuli ndi lopepuka, chonsecho diso liyenera kuliyenda lonse kuti lisaphonye "si" woyambirira amene akutembenuza tanthauzo. Choncho pa Chichewa ndi bwino kuwerenga zilembo, ndipo kwa oonera akumudzi, amene ambiri amaonera pa foni yaing'ono atapanikizana anthu angapo, muyeso wakale wa 12 kapena 13 ndi woyenera kuposa 17. Malire a Netflix anakonzedwera anthu ozolowera kuwerenga mawu a pa kanema tsiku ndi tsiku.

Chitsanzo

Tiyerekeze kanema wa mphindi 10 wonena za matenda a mbatata ya kachewere. Mlimi waima m'munda, wagwira tsamba, ndipo m'masekondi 5 akunena kuti: "Ndiye mukangoona kuti masamba a mbatata yanu ayamba kuda m'mbalimu, ndiye kuti chiwawu chalowa basi." Chiganizochi chili ndi mawu 15 ndi zilembo 100. Kuchilemba chonse kukupereka zilembo 20 pa sekondi, ndiponso sichingakwane m'mizere iwiri ya 42.

Wolemba amayamba wafunsa chomwe chithunzi chikunena kale. Tsamba la mbatata likuoneka m'dzanja la mlimi, ndiye "a mbatata yanu" akhoza kuchoka. "Ndiye" woyamba ndi "basi" wothera ndi zokometsera za pakamwa. "Mukangoona kuti ayamba" akhoza kusanduka "akayamba". Zotsala, zolembedwa m'fayilo ya mtundu wa SRT, zikuoneka motere:

```
12
00:01:04,200 --> 00:01:09,200
Masamba akayamba kuda m'mbali,
ndiye kuti chiwawu chalowa.
```

Nambala yoyamba ndi ya chigawo. Mzere wachiwiri ndi nthawi yolowera ndi yotulukira: maola, mphindi, masekondi, ndi magawo a sekondi pa 1,000. Mawu atsika kufika pa zilembo 57, kutanthauza 11.4 pa sekondi, ndipo woonera ali ndi mpata woyang'ananso tsambalo. Mpata umenewu ndiwo cholinga chenicheni cha kufupikitsa: ngati diso latha masekondi onse 5 lili m'munsi, mlimi woonerayo wawerenga za chiwawu koma sanachione.

Pali zosafunika kuzidula ngakhale nthawi itachepa: muyeso wa mankhwala, masiku odikira asanakolole, dzina la nthenda, ndi kukana kulikonse. Zikakhala zambiri, chiganizo chimagawidwa pazigawo ziwiri, kapena mawu amaloledwa kutsalira pang'ono woyankhula atasiya.

Podula mzere napo pali nzeru. Mzere uthere pamene woyankhula akanapumira, monga pa mpatuliro wa m'chitsanzomu. Timawu monga "a", "ya", "wa", "ndi" ndi "kuti" tisasiyidwe kumapeto kwa mzere titalekana ndi liwu lotsatira. "Mbatata ya" pamwamba ndi "kachewere" pansi zimachititsa diso kubwerera, ndipo kubwererako kumadya nthawi yomwe inawerengeredwa kale.

Nthawi yolowera ndi yotulukira

Mapulogalamu aulere monga Subtitle Edit ndi Aegisub amaonetsa mafunde a mawu, choncho wokonza amaona ndi maso pomwe woyankhula wayambira. Mawu olembedwa alowe pomwepo. Akafulumira amaulula nkhani isananenedwe, akachedwa woonera sadziwa kuti wanena ndani. Potuluka akhoza kutsalira pafupifupi theka la sekondi ngati palibe wina akuyankhula. Pakati pa zigawo ziwiri zotsatizana pamasiyidwa mafulemu awiri, omwe pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi ndi 0.08 ya sekondi. Popanda kampata aka diso silizindikira kuti mawu asintha. Ndi bwinonso kuti mawu asadumphe pamene chithunzi chasinthira, chifukwa anthu ambiri amayambiranso kuwawerenga poganiza kuti ndi atsopano.

Mawu akasemphana ndi kanema, wokonza ayang'ane koyambirira ndi kumapeto. Ngati kusiyanako n'kofanana monsemo, monga masekondi 3 koyambirira ndi 3 kumapeto, ndiye kuti wina anawonjezera kapena kuchotsa chinachake kumayambiriro, mwina chizindikiro cha bungwe, ndipo zigawo zonse zimangosunthidwa limodzi. Ngati kusiyanako kukukula pang'onopang'ono, vuto ndi mafulemu. Fayilo yokonzedwera kanema wa mafulemu 25, ikaikidwa pa kope loyenda mafulemu 23.976, imatsogola ndi masekondi pafupifupi 25 pakatha mphindi 10, ndi mphindi ziwiri ndi theka pakatha ola. Kusuntha sikuthandiza pamenepa, pamafunika kutambasula nthawi zonse ndi muyeso umodzi, ndipo mapulogalamu atchulidwawa ali ndi chida chochitira zimenezo.

Ziyankhulo zingapo

Mwachizolowezi pamakonzedwa fayilo imodzi yokhala ndi nthawi zolondola, kenako omasulira onse amalemba m'zigawo zomwezo. Izi zimapulumutsa nthawi, koma zili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi utali: chigawo chodulidwa moyenera Chingerezi chimathina chikalandira Chichewa kapena Chipwitikizi, choncho womasulira aliyense apatsidwe ufulu wophatikiza zigawo ndi kutalikitsa nthawi. Wachiwiri ndi kumasulira podutsira m'Chingerezi. Mlimi akati "malume anga" kapena "bambo anga aang'ono", Chingerezi chimawapatsa onse dzina limodzi, ndipo womasulira wa Chiyawo amene akungoona Chingerezicho sangadziwe kuti ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, pomwe m'mabanja a chikamwini kusiyanako n'kwakukulu. Ulemu wa "inu" ndi "iwe" umatayikanso chimodzimodzi. Womasulira aliyense akuyenera kukhala ndi kanemayo ndi mawu onse a Chichewa osafupikitsa.

Fayilo iliyonse imatchedwa ndi chizindikiro cha chiyankhulo chake: `ny` kapena `nya` pa Chichewa, `yao` pa Chiyawo, `pt` pa Chipwitikizi, `en` pa Chingerezi. Isungidwe mu `UTF-8`. Ikawerengedwa ndi kalembedwe kolakwika, chilembo cha ŵ chimasanduka `Åµ`, ndipo zilembo za Chipwitikizi zokhala ndi tizizindikiro pamwamba zimaonongeka mofananamo.

Chotsala ndi momwe kanemayo adzayendere. Pa YouTube kapena pa kompyuta, fayilo yapadera ndi yabwino chifukwa woonera amasankha yekha chiyankhulo. Koma kanema woyenda pa WhatsApp, pa Bluetooth kapena pa memore khadi yodzazitsa kwa oika nyimbo pamsika amafika yekha, fayilo ya mawu itatsala m'njira. Zikatero mawu amawotcheredwa pa chithunzi penipeni, kope limodzi pa chiyankhulo chilichonse:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf subtitles=kanema.ny.srt kanema_ny.mp4
```

Mawu owotchera sakonzekanso popanda kupanga kope latsopano, choncho kuyesa kuchitike asanawotche. Kanemayo aonetsedwe pa foni yaing'ono, panja masana, mawu a pakamwa atazimitsidwa, kwa anthu a mtundu womwe akuwakonzerawo, kenako afunsidwe zomwe mlimi wanena ndi momwe tsamba lodwala limaonekera. Akayankha za mawu n'kulephera za tsamba, liwiro likadali lalikulu, ndipo zigawozo zifupikitsidwenso. Zilembo zoyera zokhala ndi mphepete yakuda zimaoneka bwino pa munda wobiriwira ndi pa thambo lowala lomwe.