Mawu oti “chophukacho”

Tikati chophukacho timanena chotupa cha m'mphechepeche chomwe achipatala amachitcha heniya. Chimabwera pamene minofu ya pamimba yafooka n'kusiya mpata, ndiye matumbo kapena mafuta a m'mimba n'kusuzumira pampatapo. N'chifukwa chake chimatuluka munthu akatsokomola, akamadzikankha kuchimbudzi, kapena akanyamula thumba la kachewere ku Bembeke, koma akagona chagada chimabwerera mkati, nthawi zina n'kulira kuti kulukulu. Mwanabere sachita zimenezi: amangokhala pomwepo, utsokomole usatsokomole.

Chimakonda amuna, ndipo chikakula chimatsikira kumachende. Zitsamba, mphini ngakhale lamba sizitseka mpatawo. Chimatha ndi opaleshoni basi.

Choopsa n'chakuti matumbo aja akhoza kupanikizika n'kusowa magazi, ndipo amayamba kuola m'maola ochepa chabe. Mukaona kuti chotupacho chauma gwa, chikupweteka kwambiri, chikukana kubwerera, khungu lafiira kapena lada, munthu akusanza, mimba yafufuma ndipo sakuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musachikankhe mwamphamvu. Musamupatsenso chakudya. Ngakhale kuli usiku wozizira, pezani galimoto muthamangire naye kuchipatala cha boma cha Dedza, osadikira kuti kuche.