Si chotupa chilichonse chili khansa

Kwathu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mawu awiri ayamba kusanduka amodzi. Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi chotupa, abale amafalitsa m'mudzi kuti am'peza ndi khansa. Kumeneku n'kusokoneza chinenero. "Chotupa" ndi dzina la chimene dzanja lakhudza. Chithupsa ndi mwanabere nazonso amazitcha zotupa. "Khansa" ndi dzina la khalidwe, ndipo khalidwe lake ndi kuswa malire.

Tengani chotupa cha mafuta chomera paphewa. Chimakhala chofewa, chimasuntha mukachikankha ndi chala, ndipo chimatenga zaka kuti chikule. Maselo ake amafanana ndi mafuta wamba, amagwirana, ndipo amakhala m'kathumba kopyapyala. Chikamakula chimangokankha minofu yoyandikana nayo osailowerera. Maselowo alibe mphamvu yoboola mtsempha n'kuyenda ndi magazi, n'chifukwa chake dokotala akachisenda chonse ndi kathumba kake, kawirikawiri sichibwereranso.

Khansa ya m'mawere sichita choncho. Maselo ake amaleka kugwirana, amatulutsa zinthu zosungunula kachikopa kamene kamawatchinga, n'kuzika m'minofu ngati mizu ya kachere m'thanthwe. Akalowa m'timitsempha ta madzi a m'thupi amakatupitsa mwanabere wa m'khwapa. Akalowa m'magazi amakamera m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo. Kumeneku ndiye kufalikira. Chotupa chikangonenepa pamalo pomwe chilili, tinene kuti chakula, osati chafalikira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu akuti "chotupa chabwino", amene ena amalankhula pofuna kutonthoza wodwala. Chabwino bwanji? Chithokomiro, chimene anthu a kumapiri kuno amachidziwa bwino chifukwa cha kuchepa kwa ayodini m'zakudya, nthawi zambiri si khansa, koma chikakula chimapanikiza kholingo mpaka munthu kubanika. Zotupa za minofu ya chiberekero nazo sizipita ku chiwalo china, komabe zimataitsa mayi magazi mpaka kufooka. Mawu oyenera ndi akuti "chotupa chosafalikira" kapena "chotupa chosakhala khansa". Amatonthoza popanda kunama.

Ululu usatipusitse. Chithupsa chimapweteka koopsa koma si khansa, pomwe khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba ngati kam'bulu kolimba kosapweteka, kenako n'kumamatira ku khungu kapena kukokera nsonga ya bere m'kati. Ngakhale zizindikiro zimenezi zimangopereka chikaiko. Woweruza mlandu ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono: adokotala amadula kanyama ka chotupacho n'kukatumiza kokapima, monga ku labotale ya chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, imene inayamba ntchitoyi mu 2011. Zotsatira zisanabwere, cholondola kunena n'chakuti, "Amayi ali ndi chotupa m'bere, ndipo tikudikira zotsatira."