Maodzi a kubetcha ndi mpata weniweni wopambana

Maodzi ndi nambala zomwe kampani yobetchetsa imaika pa zotsatira za masewero, kusonyeza ndalama zomwe munthu angalandire akalosera molondola. Makampani a ku Malawi monga Premier Bet, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, amalemba maodzi ngati nambala za dontho, monga 2.00 kapena 3.60. Nambala zimenezi ndi zomwe zimaoneka pa foni komanso m'mashopu obetchera ku Area 23, Kawale, Biwi ndi madera ena a Lilongwe. Munthu akaika K1,000 pa 3.60 n'kupambana, amalandira K3,600, ndipo K1,000 yake ija ili momwemo. Maodzi amauzanso munthu mpata womwe kampani ikupereka kuti chinthucho chichitike, ngakhale kuti mpatawo umakhala wokokomezedwa.

Kusandutsa maodzi kukhala mpata

Mpata umapezeka pogawa 100 ndi odzi:

mpata = 100 ÷ odzi

Odzi ya 2.00 ikutanthauza 50 peresenti, ndiye kuti kamodzi pa maulendo awiri alionse. Odzi ya 4.00 ndi 25 peresenti. Odzi ikamakula, mpata umachepa.

Chitsanzo chongoyerekeza: Silver Strikers ikulandira Nyasa Big Bullets mu ligi. Pa tikiti, 1 ndi kupambana kwa eni bwalo, X ndi kufanana mphamvu, 2 ndi kupambana kwa alendo. Ngati maodzi ali 2.00, 3.20 ndi 3.60, mipata yake ndi 50, 31.25 ndi 27.78 peresenti.

Phindu la kampani

Pa zotsatira zitatuzi chimodzi chiyenera kuchitika basi, choncho mipata yoona ikaphatikizidwa iyenera kukwana 100. Koma apa ikukwana 109.03. Nambala yapamwambayo, 9.03, ndiyo imasonyeza phindu lomwe kampani yabisa m'maodzi.

Phinduli limaoneka bwino munthu akabetcha mbali zonse zitatu kuti alandire K10,000 zivute zitani. Ayenera kuika K5,000 pa Silver, K3,125 pa kufanana mphamvu ndi K2,778 pa Bullets. Onse pamodzi ndi K10,903. Masewero atha bwanji, iye alandira K10,000 yokha, ndipo K903 yatsala ku kampani. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse yobetchedwa, kampani ikuyembekeza kubweza pafupifupi K917 ndi kusunga K83. Ambiri amasokoneza apa: 9.03 ndi yopyola pa 100, pomwe gawo la ndalama zomwe zimatsala ku kampani ndi 8.3 peresenti.

Kuchotsa phindu

Njira yosavuta ndi kugawa mpata uliwonse ndi chiwerengero chonse chija, kenaka kuchulukitsa ndi 100:

mpata wachilungamo = mpata ÷ 109.03 × 100

Silver imatsika kuchoka pa 50 kufika pa 45.9 peresenti, kufanana mphamvu pa 28.7, Bullets pa 25.5. Zitatuzi zikukwana 100, kupatula kachidutswa kobwera chifukwa chodula nambala. Pogawanso 100 ndi mipata yatsopanoyi, maodzi achilungamo ndi pafupifupi 2.18, 3.49 ndi 3.92. Wobetcha Silver pa 2.00 akugula chinthu chomwe mtengo wake woyenera ndi 2.18. Kuti asaluze akamabetcha chonchi nthawi yaitali, timuyo iyenera kumapambana theka la masewero otere, pomwe kampani yomwe ikuiona pa 46 peresenti.

Tikiti ya masewero ambiri

Pa tikiti yophatikiza masewero angapo maodzi amachulukitsidwa, n'chifukwa chake K200 imaoneka ngati ingabale mazanamazana. Phindu la kampani nalo limachulukitsidwa chimodzimodzi. Ngati masewero alionse akubweza K917 pa K1,000, tikiti ya masewero asanu imabweza pafupifupi K650, ndipo ya masewero khumi pafupifupi K420. Bonasi yomwe makampani ena amaonjezera pa matikiti aatali iyenera kuyerekezedwa ndi kutsika kumeneku.

Malire a njirayi

Kugawa kofanana kumaganiza kuti phindu lamwazidwa molingana pa zotsatira zonse, zomwe kawirikawiri sizikhala choncho. Mu 1949 Richard Griffith anasonyeza kuti pa mipikisano ya akavalo ku America anthu ankabetcha mopyola muyeso pa akavalo opanda mpata. Khalidwe lomweli lapezekanso pa mpira: maodzi aakulu, monga 9.00, amanyamula gawo lalikulu la phindu kuposa aang'ono. Choncho njirayi imakweza pang'ono mpata wa timu yofooka, n'kutsitsa wa timu yamphamvu.

Mpata wachilungamo si choonadi chenicheni cha masewero. Ndi maganizo a kampani ndi a obetcha ena phindu litachotsedwa, ndipo umasintha osewera akavulala kapena ndalama zambiri zikapita mbali imodzi. Kuwerengaku kumagwiranso ntchito pokhapokha zotsatira zonse zalowa ndipo palibe ziwiri zomwe zingachitike pamodzi. Kuphatikiza 1X, 12 ndi X2 kumapereka nambala yopyola 200, chifukwa chotsatira chilichonse chawerengedwa kawiri.