Comenius ndi Kagawidwe ka Maphunziro

Kale m'sukulu za ku Ulaya ana anali kutha zaka zambiri akuloweza malamulo a Cilatini, koma osatha kucilankhula. Mphunzitsi wina wa ku Moravia, dzina lace Comenius, wobadwa m'caka ca 1592, anaona kuti colakwa sicinali mwa ana, koma m'kagawidwe ka nchito.

M'caka ca 1631, ali ku Leszno m'dziko la Poland, anasindikiza buku lochedwa Janua Linguarum, ndiko kuti Khomo la Zinenero. Anasankha mau ofika ngati 8,000, nawamanga m'ziganizo 1,000, nazigawa m'mitu 100. Mituyo inatsatana monga mikanda pa cingwe: ciyambi ca dziko, thambo, zomera, nyama, munthu, ndipo pambuyo pace nchito za munthu. Motero phunziro liri lonse linakonzera njira linzace.

Koma bukulo linawalemera ana oyamba. Mau ambiri anaoneka kamodzi kokha, ndipo mau osabwerezedwa saumirira m'mutu. Comenius sanadzudzule ana. M'caka ca 1633 analemba buku lina lapafupi, Vestibulum, ndiko kuti Khonde, kuti mwana ayambe waima pakhonde asanalowe pakhomo.

M'buku lace lalikuru la kaphunzitsidwe, losindikizidwa mu 1657, analangiza kuti caka, mwezi, tsiku ndi ora, ciri conse cikhale ndi nchito yace yoikika. Mphunzitsi wogawa mutu wautali m'masabata atsata mapazi ace. Ndipo ana akakhumudwa pa phunziro loyamba, adziwe kuti khonde lasoweka.