Chithunzi cha ndondomeko ya mauthenga polowa mu pulogalamu ndi posintha tokeni

Chithunzi cha ndondomeko ya mauthenga ndi chojambula chimene opanga mapulogalamu a kompyuta amaonetsa nacho kuti ndani akutumiza uthenga kwa yani, ndiponso uthenga uti ukubwera patsogolo pa unzake. Aliyense wotengapo mbali amakhala ndi mzere wake woima chilili, ndipo nthawi imayenda kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Mauthenga ndi mivi yopingasa: muvi wa mzere wathunthu ndi pempho, wa mzere wodukizadukiza ndi yankho. Pa nkhani yolowa mu pulogalamu, chithunzichi chimaonetsa mmene munthu amalandirira tokeni, mmene tokeniyo imasinthidwira ikatha mphamvu, ndiponso zimene zimachitika seva ikakana kapena ikakhala chete.

Mbiri yake

Kajambulidwe kameneka kanayambira kwa akatswiri a matelefoni. Bungwe la ITU linakhazikitsa malamulo ake m'chikalata cha Z.120 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pofuna kuonetsa mmene makina olumikizira mafoni amayankhulirana. M'zaka zomwezo Grady Booch, James Rumbaugh ndi Ivar Jacobson, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Rational Software, anaphatikiza njira zawo zojambulira mapulogalamu n'kupanga UML, imene bungwe la OMG linaivomereza mu 1997. Zithunzi zoyambirirazo zinkakwanitsa bwino kuonetsa njira imodzi yokha, ndipo wofuna kuonetsa zolephera kawirikawiri ankajambula chithunzi china padera. UML 2.0, ya mu 2005, ndi imene inabweretsa mabokosi a `alt`, `opt`, `loop`, `par` ndi `break`, omwe amalola kuti njira zingapo zikhale m'chithunzi chimodzi. Malamulo a matokeni nawo anabwera mu Okutobala 2012 m'chikalata cha RFC 6749, chofotokoza OAuth 2.0. Masiku ano ambiri sajambulanso pamanja. Amalemba mawu mu PlantUML, imene inayamba mu 2009, kapena mu Mermaid, ya mu 2014, ndipo chithunzi chimatuluka chokha.

Otengapo mbali ndi njira yoyenda bwino

Mizere inayi imakwanira: munthu, pulogalamu ya pa foni, seva yopereka matokeni, ndi seva yosunga zinthu zimene munthuyo akufuna kuona. Munthu amalemba dzina ndi mawu achinsinsi pa tsamba la seva yopereka matokeni. Sevayo imapatsa pulogalamu kodi yogwira ntchito kamodzi kokha, ndipo pulogalamu imabweza kodiyo n'kulandira matokeni awiri. Yoyamba ndi `access_token`, yolowera, imene imaperekezedwa ndi pempho lililonse ndipo imatha msanga. Yachiwiri ndi `refresh_token`, yosinthira, imene imakhalitsa ndipo imapita kwa seva yopereka matokeni basi. Mawu achinsinsi akalakwika, bokosi la `alt` limabwezera munthu pa tsamba lolembapo. Gawo limeneli silivuta, ndipo zithunzi zambiri zimathera pomwepa.

Tokeni ikatha mphamvu

Tiyerekeze kuti munthu walowa 8 koloko m'mawa, ndipo seva yanena kuti `expires_in` ndi 3600, kutanthauza ola limodzi. Tokeni yolowera tiitche A1, yosinthira R1. Itangodutsa 9 koloko pulogalamu yatumiza pempho ndi A1, seva yosunga zinthu yayankha 401 ndi `invalid_token`. Pulogalamu siuza munthu kanthu. Imatumiza R1 kwa seva yopereka matokeni, n'kudikira masekondi 10. Kuchokera apa njira zilipo zitatu, ndipo mu Mermaid zimalembedwa motere:

```
sequenceDiagram
    participant P as Pulogalamu
    participant S as Seva ya matokeni
    P->>S: POST /token, R1
    alt yankho lafika
        S-->>P: 200, A2, R2
    else R1 yakanidwa
        S-->>P: 400 invalid_grant
    else yankho latayika
        S--xP: 200, A2, R2
        Note over P: masekondi 10 atha
    end
```

Pa njira yoyamba pulogalamu imasunga A2 ndi R2, n'kubwereza pempho loyamba lija kamodzi kokha. Mawu akuti kamodzi ayenera kulembedwa pa chithunzi, chifukwa 401 ikabweranso, pulogalamu yopanda malire imangozungulira pakati pa maseva awiriwo. Pa njira yachiwiri seva yanena poyera kuti R1 yatha kapena yathetsedwa. Kuyesanso n'kutaya nthawi: pulogalamu imafufuta matokeni onse n'kubwezera munthu pa tsamba lolowera.

Yankho lotayika panjira

Njira yachitatu ndi imene imafuna kudekha. Masekondi 10 akatha popanda yankho, pulogalamu sidziwa ngati pempho silinafike n'komwe kapena linafika koma yankho n'kutayika pobwerera, monga zimachitikira netiweki ikaduka munthu ali m'minibasi. Kwa pulogalamu zonse ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, koma kwa seva n'zosiyana kwambiri. N'chifukwa chake wojambula waluso amaika mivi iwiri yotayika, wina wopita, wina wobwerera. Mu UML muvi wotayika umathera pa kadontho kakuda usanafike pa mzere wa wolandira, pamene mu Mermaid ambiri amagwiritsa ntchito muvi wothera pa kamtanda.

Pempho likakhala kuti silinafike, R1 idakali ndi mphamvu ndipo kuyesanso kumayenda bwino. Vuto lili pamene linafika. Chikalata cha RFC 9700, cha mu Januwale 2025, chimafuna kuti pa mapulogalamu osatha kusunga chinsinsi, monga a pa foni, tokeni yosinthira ikhale yomangiriridwa ku pulogalamu imene inailandira, apo ayi izisinthidwa nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito. Seva yotsatira njira yachiwiriyi yathetsa kale R1 ndipo yapanga R2, imene pulogalamu sinailandire. Pulogalamu ikatumizanso R1, seva imaona tokeni yakale ikubweranso, n'kulephera kudziwa ngati ndi mwiniwake kapena wakuba, choncho imathetsanso R2. Munthu amangozindikira kuti watulutsidwa asanalakwe kanthu. Chizindikiro chake m'zolemba za seva ndi 200 yotsatiridwa ndi `invalid_grant` pa R1 yomweyo patangopita masekondi ochepa.

Maseva ena amasiya kanthawi kochepa, mwachitsanzo masekondi 30, kamene tokeni yakale imalandiridwabe. Pa chithunzi, kanthawiko kamalembedwa pambali pa mzere wa seva, ndipo masekondi 10 odikira pambali pa mzere wa pulogalamu. Manambalawa akaonekera pamodzi, wowerenga amatha kuwerengetsa yekha: kuyesa kwachiwiri pa sekondi 12 kuli mkati, pamene kuyesa kobwera pa sekondi 40 kwachedwa. Bokosi la `loop` lozungulira kuyesaku limafunika nambala ya maulendo. Kukhala chete kwa seva, kapena yankho la 503, si chifukwa chofufutira R1.

Vuto lomweli limabweranso mapempho atatu akalandira 401 nthawi imodzi, lililonse n'kuthamangira kutumiza R1. Bokosi la `par` limaonetsa atatuwo, koma muvi wopita kwa seva ya matokeni uyenera kukhala umodzi, ena awiriwo n'kudikira A2.

Kupereka mayina

Mayina ndi amene amapulumutsa kapena kuononga chithunzi chotere. Muvi wongolembedwa kuti tokeni suthandiza, popeza m'nkhani yomweyi muli matokeni anayi. Kulemba A1, A2, R1 ndi R2 kumachititsa kuti amene akuloza ndi chala pa bolodi aone msanga kuti R1 yatumizidwa kawiri. Mzere wongotchedwa seva nawo umabisa zambiri, chifukwa seva yoyankha 401 si imene imayankha `invalid_grant`, ndipo nthawi zina maseva awiriwa amayang'aniridwa ndi magulu osiyana. Nthambi za `alt` zimakoma zikatchedwa ndi chimene chachitikadi: R1 yakanidwa, pempho silinafike, yankho latayika. Mayina a mizere ndi a nthambi angathe kulembedwa m'Chichewa popanda vuto, monga m'chitsanzo chija, koma manambala a mayankho ndi mawu obwera kuchokera kwa seva amasiyidwa momwe alili kuti agwirizane ndi zimene woyesa pulogalamu adzaone pa sikirini. Magulu ena amatenga nthambi iliyonse ya chithunzi kukhala mayeso amodzi a pulogalamu, ndipo zimenezi zingachepetse kutulutsidwa kwa anthu mosayembekezereka.